Ngodya Zinayi ndi Lamba Mmodzi: Za Kalumikizidwe ka Felemu ya Chithunzi

Munthu aliyense amene analowapo m'nyumba za makolo athu, kapena m'maofesi a sukulu ndi a mipingo, nakweza maso ake kuyang'ana zithunzi za ukwati ndi masatifiketi opachikidwa pakhoma, adzavomereza kuti ambiri a mafelemu amenewo, ngakhale anapakidwa vanishi wonyezimira, ali ndi kampata pa ngodya imodzi, kamene mmisiri anayesa kukabisa ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, koma kamene dzuwa la chilimwe linakaululanso patapita miyezi yowerengeka. Mukamufunsa mmisiriyo chifukwa chake, adzakuuzani kuti analibe chopanira chabwino, ndi kuti akadakhala ndi lamba uja wa m'sitolo, wokhala ndi timakona tinayi ndi chogwirira chopotokola, ngodya zonse zikadapsompsonana. Ine ndikhulupirira kuti pamenepa pali kusamvetsa kumene kwawonongetsa matabwa ambiri abwino, pakuti lamba wopanira, angakhale wokwera mtengo chotani, ntchito yake ndi kugwirizira chimene sowo ndi chopalira zinakonza kale, kufikira guluu atauma. Ndipo ngati zidazo zinalakwa, lamba adzangochitira umboni kulakwako, kapena adzakubisa kwa tsiku limodzi ndi mphamvu, kuti kudzaonekere m'nyumba ya mwini chithunzi.

Tiyambe ndi chifukwa chimene ntchito yooneka yopepuka chotere imagwetsera amisiri odziwa kupanga zitseko ndi makabati. Ngodya iliyonse ya felemu ili ndi madigiri 90, ndipo popeza matabwa awiri amagawana ngodyayo mofanana, lililonse limadulidwa mopendeka pa madigiri 45. Matabwa ndi anayi, lililonse lili ndi mathero awiri, kotero kudula kuli kasanu ndi katatu. Ndipo ngati bokosi lodulira ngodya lili ndi chilema cha theka la digiri, chimene diso silingachione pa thabwa limodzi, chilemacho chidzabwerezedwa pa kudula kulikonse, chifukwa bokosi ndi lomwelo ndi dzanja ndi lomwelo. Pang'onopang'ono ndi mtolo, anatero akale. Theka la digiri kasanu ndi katatu ndi madigiri 4. Pa thabwa la mamilimita 40 m'lifupi, podulidwa mopendekapo pamatalika pafupifupi mamilimita 57, ndipo digiri imodzi pa mtunda wotere imatsegula mpata wa milimita imodzi. Tsono mmisiri akagawa chilemacho pa ngodya zonse, iliyonse idzayasama milimita imodzi, koma akatseka bwino ngodya zitatu zoyamba, monga amachitira iye amene amakhoma misomali ngodya imodziimodzi, yachinayi idzayasama mamilimita 4, mpata wokwanira kulowamo mitengo iwiri ya machesi. Ichi ndicho chifukwa chake ngodya yotsiriza ndiyo imanyamula machimo a zinzake zonse.

Kuti nkhani yathu isayende m'malere, titenge ntchito imodzi ndi kuitsata kufikira itatha. Tinene kuti mayi wabweretsa satifiketi ya mwana wake, yosindikizidwa pa pepala la A4, limene muyeso wake ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, ndipo mmisiri wapala thabwa la mamilimita 40 m'lifupi ndi 20 kuchindikala, nakumba kumsana kwake, m'mphepete mwa mbali ya m'kati, kangalande kokhalamo galasi, pepala ndi chotsekera kumbuyo, kolowa mamilimita 8 m'lifupi ndi 10 kuya kwake. Muyeso umene uli mwini ntchito yonse ndi wa m'kangalandeko, pakuti ndimo mudzagone galasi; wakunja ndi wa pakamwa pa felemu amangotsatira. Galasi likadulidwa molingana ndi pepala, liyenera kusiyiridwa danga la mamilimita 2, kuti lilowe mosakakamiza ndi kuti thabwa likamafufuma kapena kunyala lisalithyole. Chomwecho m'kangalande muyenera kukhala mamilimita 212 ndi 299.

Kuchokera pamenepa mmisiri amapeza utali wa kunja, kunsonga kufikira kunsonga. Kuseri kwa kangalande kwatsala thabwa la mamilimita 32, ndiko kuti 40 kuchotsapo 8, ndipo popeza kudula kwa madigiri 45 kumatalikitsa thabwa ndi muyeso wofanana ndi m'lifupi mwake, kumathero kulikonse kumaonjezeka 32, mbali zonse ziwiri 64. Matabwa aafupi adzakhala tsono a mamilimita 276, ndipo aatali a 363. Onse anayi pamodzi ndi mamilimita 1,278, koma wanzeru adzapala mita imodzi ndi theka, chifukwa sowo imadya gawo lake, ndipo payenera kutsala chidutswa choyesera. Ndaona amisiri ambiri akuyesa pepala n'kulemba muyeso womwewo m'mphepete mwa pakamwa pa felemu, poiwala kuti galasi limakhala kuseri kwa mlomo. Zotsatira zake felemu imatuluka yaikulu ndi mamilimita 14 mbali zonse, pepala limagwera m'kati, ndipo sipakhalanso mlomo wophimba m'mphepete mwake.

Za mtengo ndinene mwachidule, koma zimene ndinene n'zosayenera kuzilumpha. Thabwa likamauma limanyala m'lifupi, pamene m'litali silisintha kwenikweni, ndipo chimenechi chimasanduliza madigiri 45 aja popanda munthu kukhudzapo. Thabwa lonyala limasongoka kwambiri kunsonga, kotero ngodya imatseguka chakum'kati. Thabwa lofufuma ndi chinyezi limatsegula ngodya chakunja. Felemu yopangidwa mu Febuluwale ndi paini wongochekedwa kumene ku Chikangawa kapena ku Zomba, ngakhale italumikizidwa mopanda banga, idzayasama chakum'kati pofika Okutobala, ndipo thabwa likakhala lotambalala mpatawo udzakulanso. Mlombwa umatamandidwa chifukwa ukauma sunyala kapena kufufuma kwambiri, ndipo mbawa youma bwino siichititsa manyazi. Koma bulugamu amapotoka, ndipo thabwa lopotoka silingagone pa bokosi lodulira. Mtengo uliwonse umene mwasankha, ukhale utauma pamthunzi, ndipo matabwa onse anayi achokere pa chidutswa chimodzi chopalidwa nthawi imodzi, kuti m'lifupi mwake mufanane. Pakuti matabwa awiri osiyana m'lifupi sangakumane kunsonga ndi kum'kati nthawi imodzi, ngakhale onse atadulidwa pa madigiri 45 enieni.

Tsopano tifike pa kudula. Amene amapanga mafelemu tsiku ndi tsiku m'masitolo akuluakulu ali ndi makina a mipeni iwiri opondedwa ndi phazi, monga aja a Morsø a ku Denmark, amene amasenga ngodya ziwiri nthawi imodzi n'kusiya podulidwa posalala. Koma mmisiri wa pansi pa mtengo ali ndi bokosi la matabwa atatu, lokhala ndi mipata iwiri yopendeka, wina wopita kumanja wina kumanzere, ndi sowo yaing'ono ya msana wolimba ndi mano osanjikana pafupi. Zida zimenezi n'zokwanira, malinga ziyesedwe zisanakhulupiridwe. Choyamba kuyesedwa ndi sikweya yeniyeniyo: igonekeni m'mphepete mwa thabwa loongoka, lembani mzere, itembenuzeni ndi kulembanso pamalo pomwepo, ndipo mizere iwiriyo ikapatukana, dziwani kuti woweruza wanu ndi wokhota, ndipo chiweruzo chake chonse chidzakhala chokhota. Kenaka dulani tizidutswa tiwiri, kena pa mpata wa kumanja kena pa wa kumanzere, tikumanitseni m'kati mwa sikweya, ndi kuyang'ana pa kuwala. Koma kuyesa kopambana ndiko kudula tizidutswa tinayi tofanana utali ndi kutizunguliza lamba wopanda guluu, chifukwa pamenepo chilema chaching'ono chimadzionetsa chitachulukitsidwa kasanu ndi katatu.

Pali chinsinsi china chimene chimatonthoza mwini bokosi lakale. Chofunika pa ngodya n'chakuti mbali ziwirizo pamodzi zikwane madigiri 90. Ngati mpata wa kumanja umadula madigiri 45 ndi theka, ndipo wa kumanzere umadula 44 ndi theka, ngodya idzatsekeka ndithu, malinga ngodya iliyonse ikhale ndi thabwa limodzi lodulidwa kumanja ndi linzake lodulidwa kumanzere. Choncho pokonza bokosi latsopano, samalani koposa kuti mipata iwiriyo ipange sikweya yeniyeni pakati pawo, ndipo podula musatembenuze thabwa chadodolido kuti mudulire mathero onse pa mpata umodzi, pakuti mukatero chilema chimene chikadafafanizika chidzawirikiza.

Thabwa ligone chagada m'bokosi, kumaso kwake kuli kumwamba, mbali yake yakunja itatsamira khoma la bokosi, ndipo pansi pa mlomo wa kangalande pakhale kachidutswa kochirikiza, kuti mlomowo usapendeke kapena kuthyoka sowo ikamatuluka. Mzere ulembedwe ndi mpeni wakuthwa, chifukwa mzere wa pensulo yobuntha uli ndi theka la milimita m'lifupi mwake, ndipo sowo idye kumbali yotayika, kusiya mzerewo uli woonekera. Dzanja lisakanikize, kulemera kwa sowo n'kokwanira, ndipo amene amaikankha mwaukali amaipinda, nayamba kudya makoma a mpata wa bokosi, kufikira mpatawo utakula n'kuleka kutsogolera. Palinso chilema chachiwiri chimene ambiri sachiganizira, ndicho cha sowo yotsika mopendeka m'malo motsika chilili: ngodya yotere imakumana kumsana koma kumaso ili yoyasama, kapena mosemphana, ndipo palibe lamba amene angaitseke. Dulani choyamba mathero a kumanja a matabwa onse, kenaka khomani kathabwa koimitsira pa utali wa 363, mudule aatali awiri motsatizana, musunthe kathabwako kufika pa 276, mudule aafupi awiri. Kathabwa koimitsirako kamaposa tepi, chifukwa tepi iwerengedwa kawiri ndi diso lotopa, pamene kathabwa sikasuntha. Koma pukutani utuchi umene umaunjikana patsinde pake, pakuti utuchi wochepa umafupikitsa thabwa lachiwiri. Mukatha, gundanitsani matabwa awiri aatali msana ndi msana, ndi kupapasa nsonga zake ndi chala. Chala chimamva kusiyana kumene diso silikuona.

Sowo ikamaliza, chopalira chiyambe. Pa ntchito iyi amisiri amakhoma thabwa lopalirapo ngodya, lokhala ndi kamsewu koyendamo chopalira chogonekedwa chammbali ndi tchinga lokhomedwa pa madigiri 45, kuti mpeni wakuthwa uzisenga podulidwapo pang'onopang'ono, kuchotsa timapala topyapyala ngati pepala. Apa ndi pamene munthu ayenera kuphunzira kuwerenga mpata, pakuti mpata uliwonse umanena dzina la chilema chake. Ngodya yokhudzana kunsonga koma yoyasama chakum'kati ikunena kuti matabwa asongoka kwambiri, madigiri ake sanakwane 45. Yokhudzana kum'kati koma yoyasama chakunja ikunena kuti nsonga zabuntha, madigiri apitirira. Yokhudzana pakati pokha, yogwedera uku ndi uku, ikunena kuti podulidwapo pali kamtumbira, ndipo kawirikawiri wolakwa ndi sandipepa wogwiridwa m'manja, amene amadya m'mphepete kusiya pakati. Lamulo lake ndi limodzi ndipo n'losavuta kukumbukira: palani pamene pakukhudzana. Detsani podulidwa ponse ndi pensulo, ikani kapepala kopinda pakati pa thabwa ndi tchinga, kutsogolo kapena kumbuyo, kufikira muone kuti mpeni wayamba kufafaniza pensulo pamalo ofunikawo, ndipo mukapala katatu pa thabwa limodzi lalitali, palaninso katatu pa linzake, kuti utali wawo usasiyane. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pamenepo, ndipo pamenepo pokha, lamba atuluke m'thumba. Chida chimenechi ndi chingwe chophwatalala cholukidwa ndi nayiloni, cha mamilimita 25 m'lifupi kapena kuyandikira apo, chimene chimazungulira felemu yonse, chokhala ndi timakona tinayi ta pulasitiki kapena chitsulo totchinjiriza nsonga za matabwa, ndi chomangitsira chimene ena amachipotokola ndi chogwirira, ena amachikoka ndi kachitsulo ka mano. Ubwino wake waukulu ndi wakuti chimakokera ngodya zonse zinayi pakati nthawi imodzi, kotero kuti kachilema kochepa kamene katsala kamagawanika pakati pa zonse m'malo mounjikana pa yotsiriza. Koma lamba alibe maso, ndipo sadziwa sikweya. Iye amangofupika, ndipo felemu imatenga maonekedwe amene madulidwe ake akuilamula. Chifukwa cha ichi kumanga koyamba kukhale kopanda guluu. Gonekani matabwa pa tebulo losalala, kumaso kuli kumwamba, kuti muziona mizere ya ngodya. Zungulizani lamba, kokani chingwe chotsala ndi dzanja kufikira timakona titagwira, pamenepo potokolani pang'ono. Ngati ngodya zinayi zatsekeka ndi mphamvu yochepa ya zala, ntchito yayenda bwino. Ngati zikufuna kuti mukukute mano, masulani ndi kubwerera ku chopalira. Lembani manambala kumsana kwa ngodya iliyonse, 1 ndi 1, 2 ndi 2, kuti matabwa adzabwerere pamalo pomwe anayesedwa, ndipo siyani lamba ali pa utali umenewo, womasulidwa pang'ono, kuti nthawi ya guluu isatayike pofunafuna muyeso.

Ndinaonapo ku Mchesi, mumzinda wa Lilongwe, mmisiri wa imvi akuphunzitsa mnyamata wake chinthu chomwechi. Mnyamatayo anali ataona kampata chakunja kwa ngodya imodzi, ndipo anagwira chogwirira ndi manja onse awiri napotokola, kufikira thabwa lalitali linayamba kupindika ngati uta, ndipo ngodya ina, imene poyamba inali bwino, inatsetsereka, nsonga imodzi kupitirira inzake. Mkuluyo anaika chikhatho pa dzanja la mnyamata, nati, "Leka, mwanawe. Ukumva kulira kumeneko? Ndi thabwa likudandaula. Masula." Mnyamata anayankha mwaulemu, "Koma bambo, mpata uja watsekeka tsopano." Mkulu anati, "Watsekeka chifukwa waugwira pakhosi. Mawa ukachotsa lamba, thabwa lidzafuna kubwerera kwawo, ndipo guluu yekha ndiye adzalimbane nalo usana ndi usiku. Bwera nacho chopalira." Anapala kawiri kum'kati kwa ngodyayo, napalanso chimodzimodzi pa thabwa loyang'anizana nalo, ndipo pomanganso lamba anangopotokola ndi zala zitatu.

Za guluu pali mfundo imodzi yoyenera kuikhalira pansi. Podulidwa mopendeka pali pakamwa pa timitsempha ta mtengo, ndipo timitsempha timeneti timamwa guluu woyera uja wa PVA mwamsanga, kotero kuti wopaka kamodzi n'kumanga nthawi yomweyo amalumikiza matabwa amene ayamba kale kuuma, ndipo ngodyayo imadzabanthuka felemu ikangogwa pansi kamodzi. Pakani choyamba guluu wochepa pa malo onse asanu ndi atatu, mumutikite ndi chala kuti alowe, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu kuti atseke timitsemphato, ndipo pakaninso kachiwiri mopyapyala, kulekeza pang'ono musanafike m'mphepete mwa kumaso, kuti wotuluka achepe. Kuyambira pamenepo muli ndi mphindi pakati pa 5 ndi 10 zokha guluu asanayambe kugwira, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala nthawiyo imafupika koposa; choncho zonse zikhale pafupi, nsanza yonyowa, kamtengo koyesera, ndi tizidutswa ta pulasitiki toyala pansi pa ngodya, kuti felemu isamatirire ku tebulo.

Guluu wamadzi amachititsa matabwa kuterera, ndipo ngodya imene inakhala bata pouma imayamba kuyenda ikanyowa. Mangani tsono mwa magawo. Potokolani kufikira lamba atangogwira, imani, zungulirani ngodya zonse ndi zala, kulinganiza nsonga ndi nsonga, ndi kukanikiza pansi thabwa limene latukuka, kuti kumaso kukhale kosalala. Pakuti kusiyana kwa kumsana kudzabisika kukhoma, koma kwa kumaso kudzaoneka masiku onse. Dziwaninso kuti chingwe chimakhulana ndi timakona, kotero mphamvu imachuluka pa ngodya ziwiri zoyandikana ndi chomangitsira, n'kuchepa pa ziwiri zakutali. Kokani chingwe pang'ono ndi dzanja pakati pa mbali iliyonse ndi kuchisiya, kuti chitsetsereke ndi kugawa mphamvu mofanana. Lamba adutse pakati pa kuchindikala kwa thabwa, chifukwa akakwera m'mwamba amatseka kumaso n'kutsegula kumsana, napendeketsa matabwa, ndipo akatsikira pansi amachita mosemphana. Mukapotokola kachiwiri, n'kuona timadontho ta guluu tatuluka mofanana pa mzere wonse wa ngodya iliyonse, mphamvu yakwana. Yoposa pamenepo imafinya guluu kumutulutsa kunja ndi kupinda matabwa.

Tsopano ifike nthawi ya chiweruzo, guluu akadali wofewa. Sikweya yaing'ono imangoona ngodya imodzi pa mtunda waufupi, koma muyeso wodutsa pakati, kuchokera pa ngodya ina kufika pa yoyang'anizana nayo chopingasa, umaona felemu yonse. Popeza timakona ta lamba taphimba nsonga zakunja, yesani m'kati. Pakamwa pa felemu yathu pali mamilimita 196 ndi 283, ndipo mwa lamulo la Pythagoras muyeso wopingasa uyenera kukhala 344. Koma nambalayo si yofunika kuiloweza, chofunika n'chakuti miyeso iwiri yopingasayo ifanane. Tengani kamtengo koongoka kosongoka kumodzi, lowetsani nsonga yake m'ngodya, lembani pamene pafika ngodya inayo, ndipo tembenuzirani ku mbali yachiwiri. Kusiyana kosapitirira milimita imodzi n'kololeka. Kukafika mamilimita 2, felemu yapendeka mokwanira kudya pafupifupi danga lonse lija tinasiyira galasi, ndipo galasi, limene silidziwa kupindika, lidzakana kulowa. Mankhwala ake ndi kumasula lamba pang'ono, kugwira ngodya ziwiri za muyeso wautaliwo ndi kuzikankhira pamodzi mofatsa, kumanganso, ndi kuyesanso. Felemu ikamabwerera pokhota nthawi iliyonse mukamanga, ndiye kuti madulidwe ndiwo akuilamula. Ipatuleni msanga, pukutani guluu ndi nsanza yonyowa, ndipo ikauma mubwerere ku chopalira.

Koma ndikuchenjezeni, abale anga amisiri, kuti miyeso yopingasa ingathe kunama pa mlandu umodzi. Ngati thabwa la pamwamba lili la mamilimita 276 ndipo la pansi ndi la 274, aatali awiri ali ofanana, felemu idzachepa chakunsi mofanana mbali zonse, ndipo miyeso iwiri yopingasa idzafanana bwinobwino, ngakhale palibe ngodya ndi imodzi yomwe ya madigiri 90. Umboni wa kamtengo umakhala woona pokhapokha matabwa oyang'anizana atafanana utali, n'chifukwa chake tinalimbikira za kathabwa koimitsira ndi za kupapasa nsonga ndi chala. Potsiriza gogodani ngodya iliyonse ndi chala: felemu ikagwedera pa tebulo losalala, yapotoka, ndipo muyenera kumasula pang'ono, kuigoneka bwino, ndi kutsamiritsa njerwa zokutidwa m'nsalu pa ngodya zotukukazo kufikira guluu atauma.

Amene alibe lamba wa m'sitolo asataye mtima, chifukwa nzeru ya chidacho ndi yakale kuposa nayiloni. Mphira yodulidwa ku chubu cha njinga, imene timamangira katundu pa kaliyala, ikazungulizidwa kangapo imakoka mofanana ndithu, ndipo kuzungulira kulikonse kumaonjezera mphamvu, kotero munthu angathe kuipima. Chingwe cholimba chozungulizidwa kawiri ndi kupotokoledwa ndi kamtengo chimagwiranso ntchito, malinga pa ngodya iliyonse pakhale kakona kosemedwa ku chidutswa cha thabwa, kokhala ndi kabowo pakatikati kuti nsonga ya felemu isaphwanyike ndi kuti guluu asamatire. Zonse zimene tanena za kuyesa pouma, za kumanga mwa magawo ndi za miyeso yopingasa zikhala chimodzimodzi.

Guluu wotuluka kumaso musamupake ndi nsanza yodontha madzi, pakuti adzalowa m'thabwa, ndipo pamalopo vanishi adzakana kumwerera, n'kusiya banga loyera; mulekeni kwa mphindi 20 kapena 30 kuti alimbe pang'ono, ndipo mumutukule ndi nsonga ya tchizulo. Wa m'kangalande achotsedwe yense, chifukwa kadontho kolimba pa ngodya kamatsamiritsa galasi pamalo amodzi, ndipo limasweka pokhoma chotsekera kumbuyo. Lamba akhale pamenepo ola limodzi pochepetsetsa, koma felemu isagwiridwe ntchito ina kufikira tsiku lathunthu litapita.

Ngakhale zonse zitachitika molongosoka, ngodya yopendeka yogwidwa ndi guluu yekha ndi yofooka, ndipo felemu yonyamula galasi, yolendewera pa msomali zaka zambiri, iyenera kulimbitsidwa. Masitolo amakhoma kumsana tizitsulo topindika pakati, todutsa mzere wa ngodya. Ena amakhoma timisomali tiwiri m'mbali, ataboola kaye ndi kachitsulo kopyapyala kuti nsonga isang'ambike. Njira imene ine ndimaikonda, chifukwa imalimbitsa ndi kukongoletsa nthawi imodzi, ndiyo kucheka kampata kunsonga ya ngodya iliyonse, kopingasa matabwa onse awiri, kolowa mamilimita 20 kapena 25, kosafika m'kangalande, ndi kulowetsamo kachidutswa kopyapyala kopakidwa guluu, kokwana bwino mosachita kukhomera. Mitsempha ya kachidutswako idutse chopingasa mzere wa ngodya, pakuti ikatsata mzerewo kachidutswa kadzang'ambika pamodzi ndi ngodya. Kakauma, kadulidwe ndi sowo, ndipo kapalidwe kuchokera kunsonga kulowera cha pakati pa thabwa, kuti m'mphepete musabanthuke. Pa felemu ya paini kachidutswa ka mlombwa kamaoneka ngati kamzere kofiira pa thabwa loyera, ndipo pa felemu ya mlombwa mungaike ka mtengo woyera. Kenaka tsukani galasi mbali zonse ziwiri, gonekani satifiketi chafufumimba pamwamba pake, tsekani kumbuyo, ndi kukhoma timisomali tating'ono m'khoma la kangalande, nyundo ikutsetsereka chogona pa chotsekeracho, thabwa lolemera litatsamira kunja kwa mbali imene mukukhomayo kuti kugogoda kusagwedeze ngodya.